Mizere iwiri imene aliyense amaona: zoyenera kulemba pansi pa kanema wa pa YouTube

Chakumapeto kwa 2014, kampani ya Warner Bros. ku America inatulutsa gemu yatsopano ya pakompyuta yotchedwa Middle-earth: Shadow of Mordor. Pofuna kuti malonda ayende, kampaniyi inalemba ganyu anthu otchuka pa YouTube kuti azisewera gemuyo pamaso pa owatsatira n'kumaiyamikira. Ena analandira madola mazana angapo, ena zikwi makumi angapo. Mmodzi mwa iwo anali Felix Kjellberg wa ku Sweden, amene dziko limam'dziwa ndi dzina loti PewDiePie. Makanema onse a ganyuyu anaonedwa maulendo oposa 5.5 miliyoni, ndipo pa chiwerengerochi, pafupifupi 3.7 miliyoni anali a kanema wa PewDiePie yekha.

Mu Julaye 2016, bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linalengeza kuti Warner Bros. yavomera kukonza zinthu pa mlandu wosocheretsa anthu. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa opanga makanemawo sanabise kuti analipidwa. Analemba ndithu. Vuto linali malo amene analembapo. Kampaniyo inawauza kuti mawu oulula za malipirowo aikidwe m'bokosi la mawu ofotokoza kanema, koma inawapatsanso zinthu zina zoti zilowe m'bokosi lomwelo. Mapeto ake, chiganizo chofunikacho chinakankhidwira pansi, kuseri kwa batani la Show more, kumene amafikako ndi munthu yekhayo amene wadina. Bungwelo linaona kuti mawu oikidwa pamalo otere sakwanira kuchenjeza woonera.

Nkhaniyi ndi ya ku America ndipo inatsata malamulo a kumeneko, koma chimene inavumbula chimakhudza aliyense woika kanema pa YouTube, kaya ndi woimba, mlaliki, mphunzitsi wa masamu kapena mayi wophunzitsa kuphika. Bokosi limene YouTube imalitcha Description limalandira zilembo zokwana 5,000, zomwe ndi tsamba lathunthu ndi kachidutswa. Koma woonera sapatsidwa tsamba lonselo. Amaona kachigawo ka pamwamba, mizere iwiri kapena itatu, kenako mawu amadulidwa n'kubwera timadontho titatu ndi liwu loti ...more. Zonse za pansi pake zilipo, sizinafufutidwe, koma zimadikira chala cha munthu. Ndipo munthu amene wabwera kudzaonera kanema nthawi zambiri alibe chifukwa chodinira.

Ogulitsa nyuzipepala m'misewu amaidziwa bwino nkhaniyi. Nyuzi imagona pansi itapindidwa pakati, mwala uli pamwamba kuopa mphepo, ndipo wodutsa amangoona theka la pamwamba la tsamba loyamba. Mkonzi wanzeru saika nkhani yake yaikulu kunsi kwa mpindiro.

Kodi mawuwo amadulidwa pati kwenikweni? Anthu ambiri amafuna nambala imodzi yoti aziloweza, koma YouTube imadula motsatira malo amene alipo pa sikirini, ndipo malowo amasiyana. Pa kompyuta ya sikirini yaikulu, mzere umodzi umanyamula mawu ambiri. Pa foni, mzere womwewo umapindika kawiri kapena katatu. Munthu amene anakulitsa zilembo pa foni yake chifukwa cha maso amaona zochepa kuposa mnzake. Kampaniyi imasinthanso kaonekedwe ka tsamba lake nthawi ndi nthawi, moti malo odulira a chaka chino si a chaka chatha. Chifukwa chake odziwa ntchitoyi amadziikira malire awoawo: chofunika kwambiri chilowe m'zilembo 100 zoyambirira, ndipo ganizo lonse lithe zisanakwane 150. Powerenga zilembozi, mpata wa pakati pa mawu, mpumiro ndi chizindikiro chilichonse zimawerengedwa.

Zilembo 100 n'zochepa kwambiri kuposa momwe zimamvekera, makamaka kwa wolemba m'Chichewa, chimene chimamanga mneni, nthawi ndi mchitidwa m'liwu limodzi lalitali. Liwu lakuti "takulandiraninso" palokha ladya kale zilembo 16. Mawu khumi ndi awiri kapena khumi ndi asanu, malo atha.

Chimene chimakweza mtengo wa mizere imeneyi n'chakuti siikhala pansi pa kanema pokha. Imayenda. Munthu akasaka chinthu pa YouTube ya pakompyuta, zotsatira zimabwera ndi kachithunzi, mutu, dzina la tchanelo, ndipo pansi pake pamakhala kachidutswa ka mawu ofotokoza. Kawirikawiri kachidutswaka ndi chiyambi cha zimene mwini kanema analemba, ngakhale nthawi zina YouTube imatola chiganizo cha m'kati chimene chili ndi mawu omwe munthuyo wasaka. Google nayo imachita chimodzimodzi ikamaonetsa kanema pa zotsatira zake. Ndipo linki ya kanema ikatumizidwa pa WhatsApp, kabokosi kamene kamatuluka pamwamba pa uthengawo kamatenga chithunzi, mutu, ndipo nthawi zambiri mawu oyamba a mafotokozedwe. Kwathu kuno, kumene makanema ambiri amafika kwa anthu kudzera m'magulu a WhatsApp a mpingo, a pabanja ndi a kuntchito, kabokosi kameneka ndi kamene munthu amayang'ana asanaganize zowononga bando yake. M'malo onsewa mulibe batani lotsegula mawu otsalawo. Zimene zadulidwa zadulidwa basi.

Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene wajambula kanema wa mphindi zisanu ndi zitatu woonetsa kapangidwe ka manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza wa m'sitolo pang'ono, amene alimi ambiri atembenukirako chikwerereni mtengo wa feteleza. Kanemayo ndi wabwino, miyeso ikuoneka bwino, mawu akumveka. Pofika pa bokosi la Description, mlangiziyo, monga munthu woleredwa bwino, akuyamba ndi moni:

```
Moni nonse okondedwa athu kulikonse kumene muli! Takulandiraninso ku tchanelo chathu. Musaiwale kudina Subscribe.
```

Mawu amenewa ndi zilembo 113. Malo onse oonekera apita, ndipo palibe paliponse patchulidwa manyowa, Mbeya kapena feteleza. Mlimi wa ku Mchinji amene walandira linkiyi pa gulu la kalabu yake akuona moni wochokera kwa munthu amene sakum'dziwa, ndi pempho loti atsatire tchanelo chimene sanaonepo kanema wake ndi mmodzi yemwe. Miyeso, masiku odikira ndi chenjezo la momwe angadziwire kuti manyowa apsa, zonse zili pa mzere wachisanu, kuseri kwa ...more.

Pano mpamene mwambo wathu ndi makina zimasemphana. Kuyamba nkhani popanda moni ndi mwano, ndipo palibe amene akuti moni aleke. Koma malo a moni ndi m'kanema mwenimwenimo, pakamwa pa wolankhula, pamene woonera wafika kale pakhomo. Mizere iwiri ya pansi ija ikulankhula ndi munthu amene adakali pamsewu, akuganiza ngati alowe kapena apitirire.

Mlangizi uja atabwereramo, angalembe motere:

```
Kapangidwe ka manyowa a Mbeya: ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono. Miyeso yonse ndi masiku odikira zili m'kanemayu.
```

Izi ndi zilembo 125, kungoposa moni uja ndi 12 zokha, koma ntchito yake ndi ina. Dzina la chinthucho latha kutchulidwa pofika chilembo cha 29, moti ngakhale sikirini yaing'ono bwanji singalidule. Chiganizo choyamba chikutha pa chilembo cha 76, ndipo chikuima pachokha: foni ikadula pamenepo, wowerenga wadziwa kale zimene ayenera kusonkhanitsa. Chiganizo chachiwiri ndi lonjezo la zimene apindule akaonera, ndipo chikadulidwa pakati palibe chachikulu chotayika. Umu ndi momwe mizere iyi imamangidwira: cholemera kutsogolo, chopepuka kumbuyo, chifukwa wolemba sadziwa pamene lumo lidzagwere.

Wina angafunse kuti, nanga mutu wa kanema suchita kale ntchito imeneyi? Umachita mbali yake. Mutu umaloledwa zilembo 100, koma nawonso umadulidwa m'malo ambiri usanafike kumapeto. Kulakwitsa kofala ndi kukopera mutu womwewo n'kuumata ngati mzere woyamba wa mafotokozedwe. Wowerenga amaona chiganizo chimodzi kawiri, chapamwamba chakuda kwambiri, chapansi chotuwa, osaphunzirapo kanthu katsopano. Ngati mutu wati "Manyowa a Mbeya: feteleza wotsika mtengo", mizere ya pansi iyenera kuwonjezera zimene mutuwo unalibe malo ake: zosakaniza, mbewu imene akuyenera, kapena nthawi yoyambira kupanga kuti apse mvula isanagwe. Kubwereza dzina la chinthucho kamodzi n'kwabwino, popeza ndi liwu limene anthu amasaka. Kubwereza chiganizo chonse ndi kutaya malo.

Palinso wowerenga wina amene si munthu, ndiye makina osakira a YouTube. Makinawa amawerenga bokosi lonse, ndi za kuseri kwa ...more zomwe, pofuna kudziwa kuti kanema akukamba za chiyani. YouTube yokha imanena m'malangizo ake kuti mutu, kachithunzi ndi mafotokozedwe ndi zofunika kwambiri kuposa timawu tija timaikidwa m'bokosi la Tags, timene ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza pamene liwu limalembedwa molakwika kawirikawiri. Imalangizanso kuti mawu ofunika aikidwe koyambirira. Ena atamva izi anapitirira muyeso. Mzere wawo woyamba umakhala mndandanda wa mawu opanda mneni, "manyowa feteleza ulimi chimanga Malawi ulimi wamakono feteleza", poganiza kuti akunyengerera makina. Malamulo a YouTube amaletsa kuunjika mawu motere m'mafotokozedwe, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, munthu akaona mulu wa mawu wotere amaganiza kuti kanemayo ndi wachinyengo. Chiganizo chimodzi cholongosoka chokhala ndi liwu limene mlimi angalembe posaka chimakwanira onse awiri, munthu ndi makina.

Pa kanema wa Chichewa pali funso lina loti wolemba aliganizire: kodi omvera ake amasaka m'chinenero chiti? Ambiri amasakaniza. Ngati chinthucho chili ndi dzina limene anthu amalilemba m'Chingerezi posaka, ngakhale kanemayo ali wa Chichewa, dzinalo likhoza kulowa m'chiganizo chachiwiri kapena m'ndime ya pansi, kumene makina adzalipeza. Koma chiganizo choyamba chikhale m'chinenero chimene chikulankhulidwa m'kanemamo. Kulemba mizere iwiri ya Chingerezi pansi pa kanema wa Chichewa kumakoka anthu amene atuluke pakangotha masekondi ochepa, n'kusiya kunja eni ake a kanemayo.

Nkhani ya linki ndiyo imagawa anthu. Woimba amene watulutsa nyimbo yatsopano amafuna kuti linki yokagulira kapena kumvera nyimboyo ioneke popanda kudina chilichonse, ndipo ali ndi mfundo. Linki yokwiriridwa pa mzere wa khumi ili ngati kulibe. Koma linki yoikidwa poyambirira penipeni imadya kachidutswa kaja ka pa zotsatira za kusaka ndi ka pa WhatsApp, kumene singadinidwe n'komwe, n'kungooneka ngati zilembo zosokonekera. Njira yapakati ndiyo imaoneka yanzeru: chiganizo chimodzi chachifupi chonena nyimbo, woimba ndi chimbale, kenako linki pa mzere wachiwiri. Linkiyo ilembedwe yonse kuyambira pa https:// kuti idinike. Tchanelo chatsopano chimene sichinatsimikizidwe mokwanira chikhoza kupeza kuti malinki ake sakudinika mpaka mwini wake atamaliza zotsimikizira mu YouTube Studio. Ndipo kuyambira pa 31 Ogasiti 2023, malinki olembedwa m'mafotokozedwe a timakanema tatifupi ta Shorts sadinika konse, chifukwa YouTube inkafuna kuchepetsa akathyali amene ankabera anthu kudzera m'malinki otere.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamapweteka ambiri ndi mzere wopanda kanthu. Munthu amalemba liwu limodzi, kapena kuika tizithunzi ta moto ndi mitima, kenako n'kudumpha mzere kuti zioneke zaudongo. Pa tsamba loonerapo kanema, mzere wopanda kanthuwo umatenga malo ngati mzere wina uliwonse. Wakhala ndi mizere itatu, wagwiritsa ntchito umodzi, wina wausiya mbee, ndipo chiganizo chenicheni chayambira pamalo odulira.

Msampha waukulu kwa amene amaika makanema pafupipafupi uli mu YouTube Studio, pansi pa Settings, pamalo otchedwa Upload defaults. Pamenepa munthu amalemba kamodzi mawu oti azilowa okha m'bokosi la kanema aliyense watsopano: malinki a Facebook ndi TikTok, nambala ya ofuna kuchita naye malonda, mawu othokoza. Ndi chida chabwino chopulumutsa nthawi. Koma mawuwo amayambira pamwamba pa bokosi, ndipo munthu wothamanga amangodina Publish osalemba kanthu pamwamba pake. Pakatha chaka, makanema makumi asanu onse akuyamba ndi chiganizo chimodzimodzi. Matchanelo a mipingo amagwa kwambiri mu msampha umenewu: ulaliki uliwonse ukuyamba ndi dzina la mpingo ndi nthawi za mapemphero, pamene wofuna ulaliki wa maliro kapena wa ukwati akanathandizidwa ndi mzere wotchula mlaliki, mutu wa uthenga ndi buku limene lawerengedwa. Chizindikiro cha matendawa n'chosavuta kuona. Munthu asake dzina la tchanelo chake pa kompyuta, ayang'ane timawu totuwa pansi pa kanema aliyense. Tikafanana tonse, vuto ndi limenelo.

Sikuti za kuseri kwa ...more zilibe ntchito. Kumeneko ndi kwawo kwa zinthu zimene munthu wofunitsitsa amazifunafuna yekha: miyeso yonse, mayina a amene anajambula ndi kuimba, mawu a nyimbo, malinki ena onse. Kumenekonso ndi koyenera mndandanda wa nthawi umene umagawa kanema m'zigawo, zomwe YouTube inayambitsa mu 2020. Kuti zigawozo zigwire, nthawi yoyamba iyenera kukhala 0:00, zikhale zosachepera zitatu, zotsatana bwino, ndipo chilichonse chisachepere masekondi khumi:

```
0:00 Zofunika kusonkhanitsa
1:30 Kusakaniza
5:10 Kumanga thumba ndi kudikira
```

Mndandanda uwu umagwira ntchito paliponse pamene uli m'bokosimo, choncho palibe chifukwa choukwezera pamwamba n'kulanda malo a chiganizo choyamba. N'chimodzimodzi ndi mawu oyamba ndi chizindikiro cha #. YouTube imatha kutola mpaka atatu mwa iwo n'kuwaonetsa payokha pamalo oonekera, ngakhale atalembedwa kumapeto kwenikweni.

Chimene sichiyenera kutsikira kumeneko ndi chilichonse chimene woonera angadandaule kuti sanauzidwe. Kanema wolipiridwa ndi kampani ali m'gulu limeneli. Mu Epulo 2017, bungwe lija la ku America linalembera makalata oposa 90 kwa anthu otchuka ndi makampani otsatsa malonda pa Instagram, kuwakumbutsa kuti wogwiritsa ntchito foni nthawi zambiri amangoona mizere itatu yoyamba ya uthenga wautali, ndiye kuulula za malipiro kuzikhala pamwamba pa batani la more. YouTube nayo ili ndi kabokosi koti mwini kanema achonge ngati muli malonda olipiridwa, ndipo chikwangwani chimatuluka pa kanema penipeni. M'gulu lomweli mulinso kukonza cholakwika. Mlangizi uja akazindikira kuti m'kanema anatchula muyeso wolakwika wa phulusa, chiganizo chokonza chiyenera kukwera pa mzere woyamba, ngakhale chikankhe china chilichonse, chifukwa mlimi wotsatira muyeso wolakwika sadzadina ...more kuti akapeze kupepesa pansi.

Mphamvu ya mizere iwiriyi ili ndi malire ake, ndipo alangizi ena a pa intaneti amaikokomeza. Pa tsamba loyamba la YouTube, pamene makanema amabwera okha munthu asanasake kanthu, mafotokozedwe saoneka konse. Pamenepo nkhondo yonse ndi ya kachithunzi ndi mutu. Pa pulogalamu ya pafoni, ngakhale kanema atatsegulidwa, mawu ofotokoza amabisika kwambiri kuposa pa kompyuta. Ndipo palibe chiganizo chokoma chimene chingasunge munthu pa kanema wosamveka mawu kapena wozungulira mphindi zitatu asanafike pa nkhani. Choncho phindu la mizereyi limasiyana malinga ndi njira imene anthu amafikira pa kanema. Kanema wophunzitsa, amene anthu amam'peza posaka, monga wa manyowa uja, wa kakonzedwe ka foni kapena wa mafunso a mayeso a MSCE, amapindula kwambiri. Kanema wa nthabwala amene amafala chifukwa YouTube yam'kankhira kwa anthu sapindula kwenikweni.

Mwini tchanelo akhoza kudziwa gulu limene ali popanda kulota. Mu YouTube Studio, pansi pa Analytics, gawo la Reach limaonetsa kumene oonera akuchokera: kusaka pa YouTube, makanema oyandikana nawo, kapena malo akunja monga WhatsApp ndi Google. Limaonetsanso mawu enieni amene anthu analemba posaka asanapeze kanemayo. Mlangizi uja akhoza kupeza kuti anthu sakulemba "manyowa a Mbeya" monga iye amaganizira, koma "feteleza wa Mbeya". Akaona zotero, liwu limenelo ndilo liyenera kulowa m'chiganizo choyamba, chifukwa ndi limene lili pakamwa pa alimi.

Kuyesa kotsiriza sikufuna ukatswiri. Kanema akangoikidwa, mwini wake atumize linki kwa mnzake pa WhatsApp n'kuwerenga zimene zatuluka m'kabokosi, kenako am'tsegule pa foni yaing'ono yotsika mtengo, osati pa laputopu imene analembera. Ngati chiganizo chaduka dzina la chinthu lisanatchulidwe, abwerere akakonze. Mafotokozedwe amasinthika nthawi ina iliyonse kudzera pa Details mu YouTube Studio, ndipo kusinthako sikuchotsa chiwerengero cha oonera, ndemanga kapena linki ya kanemayo. Amene ali ndi makanema ambiri akale sayenera kukonza onse tsiku limodzi. Ayambe ndi asanu amene Analytics ikuonetsa kuti anthu amawapeza kwambiri posaka.